Ulendo wa ku Kanengo ndi envelopu ya khaki

Lolemba, 9 Juni, Balaka

Foni inalira Lachisanu ndili pamjigo. Mayi wa mawu odekha anafunsa ngati ndine amene ndinafunsira ntchito yolangiza alimi ndi kugula mbewu, kenako anati ndikafike ku Kanengo Lachitatu 9 koloko m'mawa, nditatenga mapepala anga enieni ndi chitupa cha unzika. Ndinavomera ndowa ikusefukira. Papita chaka ndi miyezi isanu chimalizireni digiri yanga ya zaulimi ku Bunda, makalata ofunsira ntchito ndinasiya kuwawerenga atakwana 30, ndipo aka n'koyamba kuti munthu andiitane.

Loweruka ndinaimbanso pa nambala ya ofesi imene inali pa chilengezo cha m'nyuzi, kufuna kutsimikiza. Mnzanga wina anaitanidwapo chonchi, anamuuza kuti atumize kaye ndalama ya fomu pafoni, atatumiza nambala ija sinapezekenso. Kuno anandiuza kuti palibe cholipira, komanso kuti ya thiransipoti sabweza.

Ndiye amayi akakongola K60,000 ku banki mkhonde. Sananene zambiri, angoyika ndalamazo pa tebulo n'kuzipsinja ndi mbale. Lero ndinapita m'tauni kukachita fotokope: digiri, pepala la magiredi, satifiketi ya folomu 4, chitupa mbali zonse ziwiri, chilichonse katatu. Zandidyera K2,400. Mapepala enieni ndawakulunga m'jumbo ndisanawalowetse mu envelopu ya khaki, poopa kuti wina angandithire msuzi kapena thobwa m'minibasi. Siketi yakuda ndi bulauzi yoyera ndazisita ndi simbi yamakala chifukwa magetsi anazima masana.

Pano ndi usiku, ndakhala ndi kope limene ndinalembamo mayankho a m'Chingerezi. Ndine ndani, ndimadziwa chiyani, ndikufuniranji ntchitoyi. Ndawaloweza ngati ndakatulo ya kupulaimale, koma ndikangophonya liwu limodzi zonse zikubalalika. Mantha alipo ndithu.

Lachiwiri, 10 Juni, Balaka mpaka Ntcheu

Ndinafika pa siteji 7 koloko isanakwane. Oitanira anandithamangira atatu, aliyense akuti yake yatsala munthu mmodzi. Ndinakwera imene inkaoneka yodzaza, kenako anthu anayi anatsikamo mmodzimmodzi, ndipo ndinazindikira kuti anali ongokhalira malo. Tinanyamuka cha m'ma 8:40. Kondakitala ananena K18,000, tinamvana K16,000, chenje anandipatsa titadutsa kale Chingeni, nditamukumbutsa kawiri.

Anandiika mzere wachitatu, pazenera losatseka bwino. Envelopu ndinaifungatira pachifuwa ulendo wonse. Sindinadye kanthu m'mawa, m'mimba munali ngati mwamangidwa mfundo. Ndinatulutsa kope lija kuti ndibwereze, koma pa msewu wa mabampu zilembo zinkavina, mutu n'kuyamba kuwawa. Ndinalitseka.

Pa Ntcheu tinaima pafupifupi theka la ola kudikira anthu ena. Apa m'pamene panakwera mayi wina wamkulu, wa msinkhu wa amayi anga, atanyamula mpukutu wa masaka opanda kanthu womanga ndi linya. Anakhala pambali panga, n'kuyang'ana envelopu, n'kuyang'ana nsapato zanga.

"Mwanawe, ukupita kuchipatala kapena kokafuna ntchito?"

Ndinawauza. Anangoti "Mulungu akutsogolere," n'kumasula kansalu, n'kundipatsa chinangwa chophika. Ndinakana mwaulemu. Anati munthu wanjala amanjenjemera ngakhale palibe chomuopsa, ndidye. Ndinadya.

Lachiwiri lomwelo, Lizulu mpaka Dedza

Mayiwa amachita geni ya mtedza. Amakapikula ku Mitundu n'kudzagulitsa ku Ntcheu ndi ku Balaka. Nditawauza kuti Mitundu ndimaidziwa, kuti tili pasukulu tinkapita kumeneko kukagula ndiwo ndi kaunjika, nkhani inatseguka. Pa Lizulu, paja msewu umayenda m'malire mwa Mozambiki, ogulitsa anazinga minibasi ndi mabeseni a kachewere, kabichi ndi tomato, koma ife sitinacheuke n'komwe.

Ndinawafunsa kuti amadziwa bwanji kuti mtedza ndi wouma poti alibe makina. Anandiyang'ana ngati ndafunsa chinthu cha ana, komabe anafotokoza bwinobwino. Wa makoko amaugwedeza pafupi ndi khutu, wouma umalira chekecheke chifukwa njere yalekana ndi khoko. Wosenda amaluma njere imodzi, wouma umathyoka mwa phokoso, wauwisi mano amangolowa. Amaufikisa pakati pa zala, ndipo kakhungu kofiira kakachoka mosavuta ndiye kuti zili bwino. Koma chachikulu, anati, osakhulupirira wapamwamba pa thumba. Amapisa dzanja mpaka m'chigongono. Pakati pakamveka chinyezi kapena kutentha, thumba limenelo amalisiya ngakhale mtengo utsike bwanji.

Kenako ananena chinthu chimene tinaphunzira m'kalasi koma sindinachimvepo kuchokera kwa wogula. Alimi ambiri amawaza madzi pa mtedza wa makoko usiku, kuti m'mawa makoko afewe, zala zisapweteke posenda. Ena amachitira dala kuti ulemere pasikelo. Mtedza wotere ukalowa m'thumba, pakapita masiku umachita chuku. "Chaka china ndinataya matumba anayi," anatero. "Nditawatsegula anali obiriwira mkati, akununkha ngati nyumba yodontha."

Ine ndinawafotokozera zimene ndimadziwa. Kuti nkhungu imeneyo imasiya poizoni wotchedwa afulatokisini, amene amawononga chiwindi pang'onopang'ono. Kuti kukazinga kapena kuphika sikumuchotsa. Kuti nthawi zina njere imaoneka yabwino koma ali momwemo. Anafunsa za mtedza wonyala ndi wothyokathyoka umene amasankhula, poti iwo amausinja n'kupanga nsinjiro za phala la zidzukulu. Ndinawauza mosabisa kuti umenewo ndiwo woopsa kwambiri, asamapatse ana. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye tikugulitsa wabwino, ife n'kumadya matenda."

Titafika ku Bembeke kunali nkhungu, mphepo ikulowa pa zenera lija ngati madzi. Ndinalibe juzi yokwanira kuzizira kwa ku Dedza. Anandifunditsa chitenje chawo m'miyendo. Pamenepo ndinazindikira kuti ndalankhula pafupifupi ola lonse osachita chibwibwi, envelopu ili pamiyendo, nditaiiwala.

Lachiwiri madzulo, Kawale

Titadutsa pa zipata zolipirira za Kalinyeke ndinagona, n'kudzidzimuka tili ku Nathenje. Mayi aja anatsikira pa mphambano ya ku Bunda. Sindinawafunse dzina, nawonso sanandifunse. Mudepoti tinalowa 2 koloko itadutsa.

Azakhali anga amakhala ku Kawale, m'nyumba ya zipinda ziwiri ndi ana atatu. Anandiphikira nsima ya usipa ndi mpiru wotendera. Nditaona nsinjiro ndinafuna kufunsa kumene anagula mtedza, koma ndinadziletsa, si nkhani yoyambira pa mbale ya eni nyumba. Bulauzi inakwinyika m'chikwama, anandisitiranso okha. Anandiuza kuti ndinyamuke 6 koloko, chifukwa msewu wa ku Kanengo m'mawa umadzaza, ndiponso minibasi zasowa ndi vuto la mafutali.

Zaka zinayi ndinakhala ku Lilongwe kuno koma Kanengo sindinapondeko. Ndimangodziwa kuti n'kumpoto kwa mzinda, kuli mafakitale, nkhokwe zikuluzikulu za chimanga ndi okushoni ya fodya. Ndagona pamphasa ndi msuweni wanga, ndikulemba izi ndi kuwala kwa foni. Kope lija ndaliwerenga kamodzi kokha. Mtima wayambanso kugunda.

Lachitatu, 11 Juni, m'minibasi ya ku Kanengo

Tulo ndinaona mwina maola atatu. Azakhali anandiumiriza tiyi ndi mbatata imodzi. Pochoka anandigwira dzanja pakhomo n'kupemphera mwachidule, kenako anandipatsa K2,000 yapadera, ati ya mwadzidzidzi, ndisaisakanize ndi zina.

Ya ku Kawale kupita m'tauni sinavute. Ya ku Kanengo ndinaidikira mphindi 25, ndipo itabwera anthu analimbirana pakhomo. Ndinapeza malo pa kampando kopinda, kaja umayenera kutsika nthawi iliyonse wina wa kumbuyo akafika. Ndinatsika ndi kukweranso kasanu, nthawi zonse ndikuteteza bulauzi ku chitseko cha girisi.

Mantha a lero anali osiyana ndi a dzulo. Manja anatuluka thukuta ngakhale kunali kozizira, mpaka pa envelopu panatsala zidindo za zala. Ndinayesa kunena yankho loyamba lija chamumtima, linathera pakati. Ndinayambanso, linatheranso pomwepo. Maganizo anathamangira ku K60,000 ya amayi ndi chiwongoladzanja chake, kwa anzanga amene anayamba kale ntchito, kwa anthu a pamjigo amene adzafunse kuti zayenda bwanji. Ndinamva nseru. Titadutsa Area 18 ndinaganiza zenizeni zotsika n'kubwerera.

Patsogolo pang'ono minibasi inatsokomola kawiri n'kuzima. Mafuta atha. Kondakitala anatenga chigubu n'kuyamba kuthamanga, anthu akumukalipira. Nthawi inali 7:50.

Chodabwitsa n'chakuti apa m'pamene mutu unayamba kugwira ntchito. Panali chochita. Ndinafunsa bambo wina wovala ovolosi ya buluu ngati pamene ndikupitapo n'patali. Anati iwo amagwira ntchito msewu womwewo, tisadikire chigubu, tikwere kabaza wa njinga yamoto. Anaimitsa ziwiri, anandinenerera mtengo kuchoka pa K3,000 kufika pa K2,000, ndendende ija ya azakhali. Ananena kwa wanjingayo kuti, "Achimwene, mlongo wanguyu akupita ku intavyu, musamuthire fumbi." Ndinadzikulunga chitenje pamwamba pa siketi, envelopu mkati mwa juzi. Tinadutsa mathiraki ataliatali odzaza mabelo a fodya atandandalika m'mbali mwa msewu, fungo lake lili thoo. Bambo aja anandilozera geti ali pa njinga yawo, osaima.

Lachitatu, pa benchi ndi m'chipinda

Ndinalemba dzina m'buku la alonda 8:15. Mphindi 45 zimenezo zinandithandiza kuposa kope lonse. Ndinapempha kubafa, ndinasamba m'manja ndi madzi ozizira, ndinapukuta nsapato, ndinamwa madzi. Pa benchi tinalipo asanu ndi awiri. Mnyamata wina anavala suti ndi tayi, akulankhula Chingerezi pafoni mokweza, ndipo ndinayambanso kudziona wochepa. Ndinasiya kumuyang'ana. Ndinaponda pansi ndi mapazi onse awiri, n'kumakoka mpweya powerenga mpaka 4, kuutulutsa powerenga mpaka 6. Nditachita kangapo manja anasiya kunjenjemera. Kope sindinalitulutse. M'malo mwake ndinayamba kukumbukira zimene tinkakamba ndi mayi aja, kuyambira pa Lizulu, chimodzichimodzi.

Ndinali wachinayi, anandiitana cha m'ma 10:30. M'chipindamo munali anthu atatu kuseri kwa tebulo: mayi wa za olembedwa ntchito, amene ndinazindikira mawu ake, bambo wa imvi woyang'anira za kumunda, ndi wina wachinyamata wa kunkhokwe. Ndinadikira kuti andiuze kukhala. Anatenga mapepala enieni, n'kuwayerekeza ndi mafotokope, n'kundibwezera.

Funso loyamba linali lomwe lija, ndifotokoze za ine. Ndinayamba monga ndinalowezera, ndipo pa chiganizo chachitatu mawu anauma. Chete ameneyo ndinamumva kutalika kwake. Ndinapepesa, ndinamwa madzi a m'tambula imene anandiikira, n'kunena mwachidule zimene zili zoona: kumene ndimachokera, zimene ndinaphunzira, ndi kuti chaka chino ndakhala ndikulima nandolo ndi amayi. Bambo wa imvi analemba kanthu.

Wa kunkhokwe anandipatsa pepala ndi cholembera. Anati tagula thumba la mtedza wosenda la makilogalamu 50, makina akuonetsa chinyezi cha 12 pa 100, koma ife timasunga pa 7. Ukauma titaya makilogalamu angati? Ndinayankha msanga kuti awiri ndi theka, pongochotsa 7 pa 12. Anandiyang'ana osanena kanthu. Ndinapempha mphindi imodzi. Mu makilogalamu 50 amenewo, 12 pa 100 ndi madzi, ndiye mtedza weniweni ndi makilogalamu 44. Ukauma, makilogalamu 44 omwewo ndiwo akhale 93 pa 100 ya thumba. Kugawa 44 ndi 0.93 kumapereka 47.3. Ndinati ndinalakwitsa, titaya pafupifupi makilogalamu 2.7. Ndinawonjezera kuti pa matumba 100 ndi makilogalamu 270, kupitirira matumba asanu amene talipira madzi. Anagwedeza mutu.

Kenako bambo wa imvi anasiya Chingerezi. "Tiyerekeze kuti ine ndine mlimi wa ku Mchinji. Ndabwera ndi matumba atatu pangolo, ndayenda mtunda wautali, mwana wanga wathamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi. Inu mwapeza kuti mtedza wanga ndi wonyowa. Mundiuza chiyani, alangizi?"

Nditamva Chichewa mapewa anatsika okha. Ndinawapatsa moni monga timachitira, "Mwaswera bwanji, bambo, kunyumba kuli bwanji?" Ndinati tisanayeze ndi makina tiyeni tione limodzi, pisani dzanja lanu pakati pa thumbali, lumani njere iyi. Ndinati sindikukuimbani mlandu, ndikudziwa kuti kusenda mtedza wouma kumapweteka zala, n'chifukwa chake anthu amawaza madzi. Koma ndikaulandira chonchi uchita chuku, uwononga ndi wa anzanu, ndipo chaka chamawa kampani sidzabweranso kudzagula m'dera lino. Ndinati tili ndi lona pano, tiuyanike mopyapyala, tiziutembenuza, tikayezanso n'kupeza kuti wauma ndigula pa mtengo wathunthu.

Anandipanikiza. Anati mavenda a panja agula lero lomwe osafunsa. Ndinavomera kuti n'zoona, sindingawaletse, koma ndinawapempha kuti tiwerengere limodzi mtengo wa venda ndi wathu, komanso aone ngati sikelo ya vendayo ili ndi chidindo. Anafunsanso kuti chaka chamawa achite chiyani. Ndinati akumbe pa nthawi yake, mkati mwa makoko mukayamba kuda. Asathothole pomwepo n'kuyanika padothi, koma asanje mitengo ya mtedza mulu wozungulira wosiya mpata pakati, makoko aloze mkati, masamba kunja, kuti mphepo iziyenda. Asende wouma, ngakhale pang'onopang'ono. Ndipo wonyala umene asankhule asapangire phala la ana. Apa mayi wa mawu odekha uja anadzutsa mutu n'kundiyang'ana.

Sizinayende bwino zonse. Anafunsa ngati ndimatha kuyendetsa njinga yamoto, ndinati ayi, laisensi ndilibe koma ndingaphunzire, ndipo ndinaona kuti yankho limenelo silinawasangalatse. Pa za malipiro ndinazengereza, ndinatchula ndalama imene pano ndikuona kuti inali yochepa. Atandipatsa mpata wofunsa, ndinafunsa kuti mlangizi mmodzi amayang'anira makalabu angati a alimi, ndiponso ngati makina oyezera chinyezi amakhala pa msika uliwonse. Zonse zinatenga mphindi 35. Anati adzaimba pasanathe milungu iwiri.

Nditatuluka pageti miyendo inafooka. Ndinakhala pa mwala pafupi ndi chiwaya, ndinagula chipisi cha K1,500 ndi kabichi pamwamba, n'kuimbira amayi. Anafunsa kaye ngati ndadya.

Lachinayi, 12 Juni, pobwerera

Ndinakwera ya 7 koloko, ulendo uno mpando wakutsogolo, K17,000. Ndisanachoke ndinawauza azakhali za nsinjiro zija. Anati amagula zosinjasinja m'timapepala kumsika. Tinagwirizana kuti azigula mtedza wathunthu, azisankha okha, azisinja pakhomo.

Pa mphambano ya ku Bunda ndinasuzumira pazenera, mwina n'kuwaona mayi aja ndi matumba awo. Panali amayi ambiri ndi akatundu, koma iwo panalibe. Ku Dedza kunali dzuwa lero. Pa Lizulu ndinagulira amayi kachewere wa K3,000 ndi kabichi ziwiri, wogulitsa anandiikira anyezi atatu a basela.

Pa K60,000 ija patsala K14,600, ndikabweza ku banki mkhonde Loweruka kuti ngongole ichepe. Mnyamata wa kabaza wa kwathu wavomera kundiphunzitsa njinga yamoto pa bwalo la mpira madzulo, mafuta ogula ine. Tayamba kutsetsereka kulowera ku Ntcheu, kunja kwayamba kufunda, juzi ndavula. Foni ndaikweza mawu mpaka pamapeto, ili m'thumba la siketi.